Kutsimikiza Tsiku ndi Nthawi ya Mayeso a Ntchito Yomasulira

Okondedwa Mayi,

Tikukuthokozani chifukwa cha kalata yanu yofunsira ntchito yomasulira mabuku a zaumoyo, imene wolembedwayo adzaigwirira kunyumba kwake. Ndalemba kalatayi pofuna kutsimikiza kuti mayeso anu a ntchito adzachitika Lachiwiri, pa 27 Okutobala 2026, nthawi ya 12 koloko masana kwanuko ku Manchester, imene idzakhale 2 koloko masana kuno ku Lilongwe.

Ndikupempha kuti nthawiyi muiyang'anitsitse, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene chingakusokonezeni. Pamene tinkalankhulana pa lamya sabata yatha, nthawi yathu inali patsogolo pa yanu ndi ola limodzi lokha. Koma Lamulungu, pa 25 Okutobala, usiku wa mbandakucha, mawotchi a ku Mangalande adzabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi monga zimakhalira chaka chilichonse, pomwe kuno ku Malawi nthawi sisintha chaka chonse. Choncho pofika tsiku la mayesolo tidzakhala tikusiyana ndi maola awiri. Lamya ya m'manja ndi kompyuta nthawi zambiri zimasintha zokha, koma wotchi yapakhoma kapena yapamkono imadikira kuti mwini wake aitembenuze, ndipo zingatimvetse chisoni mutakhala pansi ola lathunthu kudikira anthu amene sanalowe, n'kumaganiza kuti takuiwalani.

Tidzakumana pa Zoom, ndipo uthenga wokuitanani, womwe uli ndi polowera, ndautumiza kale pa imelo yomweyi. Mudzalankhula ndi anthu atatu: mkulu wa gawo la zomasulira, mkonzi wa mabuku athu, ndi ine amene. Zokambirana zidzatenga mphindi 45, ndipo mwa mphindi zimenezi, 15 zidzakhala zoti mumasulire ndime yaifupi yonena za katemera wa ana kuchokera m'Chingelezi kupita m'Chichewa. Mukhale ndi pepala ndi cholembera pafupi, komanso chiphaso chanu choyendera kapena chitupa cha unzika choti mudzationetse pa kamera tisanayambe. Ndi bwino kulowa kutatsala mphindi 10 kuti tiyese ngati tikumvana bwino.

Magetsi akadzathima kapena intaneti ikadzaduka mbali yathu, musadzade nkhawa ndipo musadzatuluke. Tidzakuimbirani pa nambala imene munalemba m'kalata yanu pasanathe mphindi 5, ndipo vuto lotere silidzakhudza m'mene tidzakuyesereni.

Chonde yankhani kalatayi pofika Lachinayi, pa 22 Okutobala, ndipo poyankhapo mulembenso nthawi ya kwanuko monga mwaimvera, kuti tonse titsimikize kuti tikunena nthawi yofanana. Ngati nthawiyi ikuwombana ndi ntchito imene mukugwira panopa, tiuzeni mosaopa, pakuti tikhoza kukupatsani Lachitatu, pa 28 Okutobala, nthawi ya 9 koloko m'mawa kwanuko, imene ndi 11 koloko m'mawa kuno.

Ndine wanu,

Mkulu wa Ofesi Yolemba Antchito
Lilongwe