Zimene ndikufuna pa malebulo ndi zithunzi za sopo wathu

Achimwene Limbani,

Monga tinakambirana pa lamya, ndalemba zonse pamodzi kuti muziona pomwe mukugwira ntchito. Ntchito ndi ziwiri: kujambula malebulo atatu, ndi kutola zithunzi zoti tiike pomwe timagulitsira pa intaneti. Bokosi limene ndatumiza muli sopo 18, zidutswa 6 pa mtundu uliwonse. Musaumire, dulani china, nyowetsani china.

Choyamba mumudziwe sopoyo. Timapanga pamanja, osaphika. Timasakaniza mafuta a olivi, a kokonati ndi batala wa shiya ndi kositiki soda wosungunula m'madzi, n'kuthira m'chikombole. Akalimba timadula mtandawo ndi waya, zidutswa n'kukhala pathandala masabata 4 mpaka 6 kuti madzi achoke. N'chifukwa chake palibe ziwiri zofanana ndendende: pamwamba pali timafunde ta supuni, m'mbali muli timizere ta waya. Zimenezi ndizo anthu amatigulira, ndiye lebulo isazibise, chithunzinso chisazifufute. Wogula akatsegula phukusi apeze chomwe anaona pa foni yake.

Mitundu ndi itatu: wamakala, amene ndi wakuda motuwira, walavenda, woyera mopita kuchikasu, ndi wopanda fungo, wa anthu amene sagwirizana ndi zonunkhiritsa.

Lebulo ikhale ngati lamba wozungulira pakati, sopo azionekera uku ndi uku kuti munthu athe kununkhiza. Chidutswa chouma ndi mamilimita pafupifupi 80 m'litali, 55 m'lifupi ndi 25 kunenepa kwake. Lambayo akhale 50 m'lifupi ndi 175 m'litali, kuphatikizapo 15 opakapo guluu. Koma yezaninso nokha pa zidutswa zingapo, dulani pepala wamba muzungulize muone. Sopo amanyala pang'ono ngakhale atakulungidwa kale, ndipo timapinda ndi manja, motero mopinda mumatha kusuntha ndi mamilimita 2. Pa chifukwa chimenechi sindikufuna mzere wozungulira m'mphepete, chifukwa ukapendekeka pang'ono aliyense amaona. Zolemba zonse zitalikire mamilimita 3 kuchoka popinda ndi podula.

Kutsogolo kukhale zinthu zinayi basi: chizindikiro chathu, chimene ndakutumizirani mu SVG ndipo chisasinthidwe, dzina la mtundu wa sopo, kachithunzi kamodzi, ndi kulemera kwake, 100 g. Kachithunziko kakhale kojambula ndi mizere yokhayokha, kooneka kuti kadutsa m'dzanja la munthu. Pa walavenda, kanthambi ka lavenda weniweni, wamasamba opyapyala ndi maluwa osanjikana kunsonga. Pa wamakala, tizidutswa ta makala. Wopanda fungo ndiye wandizunguza mutu. Mwina nthambi ya olivi, koma ngati muli ndi nzeru ina ndiwonetseni. Chimene ndakana ndi dontho la madzi ndi katsamba kobiriwira, zadzaza kale m'mashelefu monse.

Pepala ndi la khaki lokhuthala lija, losanyezimira. Osindikiza athu alibe inki yoyera, ndiye paliponse pomwe mwasiya poyera padzaoneka khaki. Mitundu yowala imazimirira pa pepala limeneli, yachikasu ndiye imasoweratu. Gwiritsani wakuda ndi mtundu umodzi wozama pa lebulo iliyonse: pepo pa walavenda, wobiriwira wakuda pa wopanda fungo, wakuda yekha pa wamakala. Munthu ataima patali asiyanitse asanawerenge.

Kumbuyo ndi kwa zosakaniza, ndipo apa musakonze chilembo ngakhale chimodzi, chifukwa ndi maina a INCI amene amalembedwa chimodzimodzi kulikonse. A walavenda ndi awa:

```
Sodium Olivate, Sodium Cocoate, Sodium Shea Butterate, Aqua,
Glycerin, Lavandula Angustifolia Oil, Linalool
```

Wopanda fungo mndandanda wake uthera pa Glycerin. Wamakala mulibenso zonunkhiritsa, mungowonjezera Charcoal Powder kumapeto. Zilembo zisachepere 6 pt, ndipo zisakhale zopyapyala, chifukwa inki imayenderera pa khaki. Pansi pake mulembe keyala yathu monga ilili pa mutu wa kalata ino, ndi mawu awa: "Sungani pouma mukatha kusamba. Asalowe m'maso." Mawu oti amachiritsa ziphuphu, zikanga kapena chiwengo asapezeke pena paliponse, ngakhale mutaona kuti angakometse. Ife timagulitsa sopo, tilibe chilolezo cha mankhwala.

Bakhodi ndi ya EAN-13, manambala ake atatu ali mu imelo yomwe muli chizindikiro. Ikhale mbali yapansi ya sopo, yomwe ili yosalala. Pamwamba pali mafunde paja pepala limakwinyika ndipo makina amalephera kuwerenga. Mizere ikhale yakuda, bakhodiyo isachepere 80 peresenti ya kukula kwake kwenikweni, ndipo musiye mpata wopanda kanthu kumanzere ndi kumanja kwake. Kumbuyo musiyenso kamalo ka mamilimita 30 ndi 10 kodindapo nambala ya mphika ndi tsiku, timadinda tokha ndi chidindo.

Mafayilo opita kosindikiza akhale PDF, mu CMYK, olumphitsa mamilimita 3 kunja kwa podula, zilembo zitasandutsidwa mizere. Munditumizirenso mafayilo oyambirira osatseka, kuti zosakaniza zikadzasintha tisadzayambirenso pachiyambi.

Tsopano zithunzi. Izi mutola malebulo akasindikizidwa, sindikufuna lebulo yomata pa kompyuta. Pa mtundu uliwonse ndikufuna zinayi: kutsogolo atavala lebulo, kumbuyo zosakaniza zikuwerengeka, wosavala atapendekeka kuti mafunde aoneke, ndi chimodzi ali m'manja akuchita thovu. Zitatu zoyambazo kumbuyo kukhale koyera, kamera pamalo amodzi osasuntha, kuti zikandandalikana zioneke za banja limodzi. Pakhalenso chimodzi cha onse atatu pathabwa losapaka vanishi. Pambali pasakhale makandulo, miyala kapena maluwa amene mulibe m'sopomo. Lavenda wouma pang'ono yekha ndiye ndalola.

Kuwala kukhale kofewa, kochokera m'mbali monga kwa pawindo. Fulashi yolunjika imaphwatalitsa mafunde aja. Wamakala akuvutitsani: kamera imamuyeretsa n'kuoneka ngati simenti, kapena amada bii osaoneka kanthu. Muikeni pafupi ndi sikirini pokonza mtundu, muziyerekeza ndi maso. Walavendanso musamupake pepo. Mafuta a lavenda sapereka mtundu umenewo, ndipo ife sitithira utoto.

Pa zidutswa zina mupeza kaufa koyera pamwamba. Kamabwera soda akakumana ndi mpweya sopo asanalimbe, sikavulaza. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono, dikirani aume. Fumbi ndi zidindo za zala mutha kufufuta pa kompyuta, koma m'mbali musawongole. Bokosilo lisungeni pouma, chifukwa sopo wotere amakoka chinyezi n'kuchita thukuta. Chithunzi cha thovu chikhale chomaliza, popeza chidutswa chikanyowa ngodya zake zimatha. Manja akhale opanda mphete ndi utoto wa zikhadabo.

Zithunzi zibwere mu JPEG, sRGB, chilichonse pawiri: 1:1 ya mapikiselo 2000 mbali zonse, ndi 4:5 ya pa foni. Maina a mafayilo akhale motere: `makala_kutsogolo_1x1.jpg`.

Pofika pa 10 Malichi ndione maganizo awiri osiyana a lebulo, pa walavenda yekha. Ndikasankha, tidzakonza kawiri monga tinagwirizana, ndipo mafayilo omaliza afike pa 24 Malichi. Osindikiza amatenga sabata, kotero zithunzi ndikuziyembekezera pa 10 Epulo. Malipiro ndi omwe tinapangana, theka poyamba, theka pomaliza, ndipo akatha zojambulazo tidzazigwiritsa ntchito pa malonda athu onse popanda malire a nthawi. Inu mutha kuzionetsa ngati chitsanzo cha ntchito yanu sopoyo akayamba kugulitsidwa. Ngati pali chimene mukuona kuti sichitheka pa khaki, ndiimbireni musanayambe kujambula.

Ine wanu,
Chisomo