Kwa aphunzitsi a m'dipatimenti yathu: kawerengedwe ka malikisi omaliza ndi SUMPRODUCT

Aphunzitsi anzanga,

Mafayilo a malikisi omwe mwanditumizira ndawaona. Ambiri mwa inu mukuwerenga malikisi omaliza ndi fomula yaitali yamtundu uwu:

```
=B5*0.1+C5*0.1+D5*0.2+E5*0.6
```

Fomula imeneyi si yolakwika, yankho limatuluka. Vuto lake ndi lakuti maperesenti abisala m'kati mwa fomulayo. Tikagwirizana kuti mayeso omaliza atenge 50 m'malo mwa 60, muyenera kuilembanso, ndipo mukaonjezera kolamu ya ntchito yatsopano, fomulayo siidziwa kuti kwabwera kanthu. Kuyambira temu ino ndikupempha kuti tonse tigwiritse ntchito SUMPRODUCT. Imagwira mu Excel, mu LibreOffice Calc ndi mu Google Sheets momwe.

Shiti yanu ikhale motere. Kolamu A ndi ya mayina. Pamzere 1 lembani mitu: B1 ntchito yoyamba, C1 ntchito yachiwiri, D1 mayeso apakati, E1 mayeso omaliza, F1 malikisi omaliza. Pamzere 2 lembani gawo lomwe chilichonse chikutenga, monga tinagwirizanira: 10, 10, 20 ndi 60, kutanthauza kuti ntchito za m'kati mwa temu zikutenga 40, mayeso omaliza 60. Mizere 3 ndi 4 isiyeni yopanda kanthu pakadali pano. Ophunzira ayambire pamzere 5, malikisi onse akhale a pa 100. Mu F5 lembani izi:

```
=SUMPRODUCT(B5:E5,$B$2:$E$2)/SUM($B$2:$E$2)
```

Kenako gwirani kakona ka m'munsi kudzanja lamanja ka F5 n'kukokera pansi mpaka pa wophunzira womaliza. Ngati kompyuta yanu ikukana fomulayi, yesani kuika `;` pomwe pali `,` chifukwa makompyuta ena anatcheredwa choncho.

Chimene SUMPRODUCT imachita n'chosavuta. Imatenga magulu awiri a manambala, n'kuchulukitsa yoyamba ya gulu lino ndi yoyamba ya gulu linalo, yachiwiri ndi yachiwiri, mpaka kumapeto, kenako n'kuphatikiza zonse. Tiyerekeze kuti wophunzira wapeza 80, 70, 65 ndi 50. Zotuluka zake ndi 800, 700, 1300 ndi 3000, zonse pamodzi 5800. Tikagawa ndi 100, yomwe ikuchokera ku SUM, tikupeza 58. Mukanagwiritsa ntchito AVERAGE mukanamupatsa 66.25, chifukwa AVERAGE imaona kantchito ka 10 ndi mayeso a 60 ngati n'zofanana. Malikisi oposa 8 amenewo akanangowatola.

Ena mufunsa kuti bwanji osangolemba `/100` basi. Mungathe, koma tsiku lomwe magawowo sadzakwana 100, kapena wina akadzawalemba ngati 10% ndi 60%, yankho lidzasokonekera. Kugawa ndi SUM kumakonza zonsezo pakokha. Ngakhale mutalemba 1, 1, 2 ndi 6, wophunzira uja apezabe 58.

Pa zizindikiro za `$` ndiye musachite nazo chibwana. Zimenezi ndi zomwe zimakhomera mzere 2 pamalo pake pamene mukukokera fomula pansi. Mukaziiwala, mzere 5 utuluka bwinobwino, ndipo mudzaganiza kuti zatheka. Mizere 6 ndi 7 ionetsa `#DIV/0!` chifukwa ikuwerenga mizere yopanda kanthu ija. Choopsa chili pamzere 8: fomula itenga malikisi a wophunzira wa pamzere 5 n'kuwayesa magawo, ndipo nambala yomwe ituluke ioneka ngati yabwino ndithu. Munthu wothamanga angakonze mizere iwiri yokha yomwe ikudandaula, kalasi yonse yotsala n'kupita ndi malikisi abodza. Mu Excel, mukasankha `B2:E2` m'kati mwa fomula n'kudina batani la F4, zizindikirozi zimadziika zokha.

Magulu awiriwo akhalenso ofanana kutalika. `B5:E5` ndi `$B$2:$D$2` zikupatsani `#VALUE!`. Zingateronso ngati malikisi ali mopingasa koma magawo mwawalemba motsika.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna muiwerenge modekha. SUMPRODUCT, ikalembedwa monga pamwambapa, imatenga kabokosi kopanda kanthu kapena kokhala ndi mawu ngati ziro, ndipo siikuchenjezani. Fomula yaitali ija ikakumana ndi mawu oti "wadwala" imakuwa ndi `#VALUE!`, koma iyi imangodutsa mwakachetechete. Kwa wophunzira yemwe anangojomba popanda chifukwa, ziroyo ndi yoyenera: wathu uja akapanda kupereka ntchito yachiwiri, atsika kufika pa 51. Koma amene anadwala, ndipo dipatimenti inavomereza, sitingamulange chotero. Gawo la ntchito yomwe sanalembe lichotsedwe pa nambala yogawira:

```
=SUMPRODUCT(B5:E5,$B$2:$E$2)/SUMPRODUCT(--ISNUMBER(B5:E5),$B$2:$E$2)
```

ISNUMBER imafunsa kabokosi kalikonse ngati muli nambala, ndipo timizere tiwiri `--` timasandutsa mayankhowo kukhala 1 ndi 0. Apa 5100 igawidwa ndi 90, wophunzirayo apeza 56.67. Mukasankha fomula iyi, lamulo likhale limodzi: wojomba mumulembere 0 weniweni, wololedwa mumulembere mawu oti "wololedwa". Kabokosi kosiyidwa kopanda kanthu kadzamukhululukira aliyense, ngakhale amene sanabwere ku mayeso omaliza, choncho pasakhale kopanda kanthu. Kwa wodwala pa mayeso omaliza enieniwo musagwiritse ntchito njira imeneyi. Nkhani yake ibwere kwa ine.

Msampha wina wa mtundu womwewu ndi manambala omwe kompyuta ikuwaona ngati mawu. Zimachitika kawirikawiri mukakopera malikisi kuchokera kwina. M'maso mwanu ndi 65, koma SUMPRODUCT ikuona ziro, ndipo 58 uja asanduka 45. Nambala yotere nthawi zambiri imatsamira kumanzere kwa kabokosi pamene zinzake zili kumanja, ndipo Excel imaika kachizindikiro kobiriwira pakona. Kuti musadalire maso okha, lembani `=COUNT(B5:E5)` mu kolamu G. Pomwe sipakutuluka 4, pitani mukaone.

Kwa inu amene mumachonga pa 20 kapena pa 40, palibe chifukwa chosinthira malikisi pamanja. Apa ndi pomwe mzere 3 ukugwira ntchito: lembanipo malikisi onse a pepala lililonse, mwachitsanzo 20, 20, 40 ndi 100.

```
=SUMPRODUCT(B5:E5/$B$3:$E$3,$B$2:$E$2)/SUM($B$2:$E$2)*100
```

Wopeza 16, 14, 26 ndi 50 atuluka ndi 58 yemwe uja. Dziwani kuti fomula iyi siilola mawu m'mabokosi a malikisi, ibweza `#VALUE!`.

Pa kalasi yathu wokhoza ayambira pa 50. Mukabisa madesimo, 49.6 imaoneka ngati 50, koma m'kati ikadali 49.6, ndipo fomula ya IF imulephereretsa mwana yemwe pepala likuonetsa kuti wakhoza. Tinagwirizana kuti malikisi omaliza azikhala nambala yathunthu, choncho kutirani fomula yanu ndi ROUND kamodzi kokha, pamapeto:

```
=ROUND(SUMPRODUCT(B5:E5,$B$2:$E$2)/SUM($B$2:$E$2),0)
```

Ntchito yatsopano ikabwera, kolamu yake ilowetseni pakati pa B ndi E, osati kumapeto, kuti fomula idzitambasule yokha. Musaiwale kuipatsa gawo lake pamzere 2.

Musananditumizire fayilo, sankhani wophunzira mmodzi wa pamwamba ndi wina wa pansi penipeni, muwerenge malikisi awo ndi kakyuleta, muone ngati zikugwirizana. Mafayilo andipeze pofika Lachisanu masana. Amene fomula ikumuvuta abwere ndi laputopu yake ku ofesi kwanga Lachitatu tikaweruka.

Ndine mnzanu pantchito,
Mkulu wa dipatimenti