Ndondomeko Yothandizira Madalitso Banda, Sitandade 7, Pamene Mwendo Ukuchira

Yalembedwa ndi: Mayi Chirwa, mphunzitsi wa kalasi, mogwirizana ndi mayi ake a Madalitso
Iyamba: Lolemba, 20 Januwale 2025

Madalitso anathyoka mwendo wamanzere m'munsi mwa bondo pa 11 Januwale atagwa panjinga. Kuchipatala anamuika chikhakha ndipo akuyendera ndodo ziwiri. Adokotala amulola kubwera kusukulu, koma asapondere mwendowo mpaka akamuonenso pa 21 Febuluwale.

Cholinga chathu n'chakuti Madalitso akhale akuphunzira limodzi ndi anzake. Asasanduke mlonda wa zikwama pakhonde ena ali mkati mwa phunziro.

M'kalasi
Azikhala pa desiki yakutsogolo pafupi ndi chitseko, mwendo atausanjika pa kampando. Asakhale pansi ngakhale madesiki atachepa. Masamu a pabolodi azilembera pomwe wakhalapo, ine ndizipita kukachonga. Azituluka mphindi zisanu belu lisanalire, chifukwa pakhomo pathu ana amakankhana kwambiri. Zolemba za sabata yomwe anajomba amalize kukopera pofika pa 31 Januwale. Masamu a sabatayo tibwereza awiri Lachiwiri ndi Lachinayi nthawi yopuma.

Panja
Pa asembule azikhala pampando. Kusesa, kukolopa ndi kutunga madzi ayambe wapuma. Pa masewera azilemba zigoli ndi kuimba wezulo, komanso azichita nawo zolimbitsa manja atakhala. Kudimba la sukulu asapite; ntchito yake ikhale kulemba m'kope zomwe gulu lake layeza. Yamikani ndi Chisomo adzipereka okha kumunyamulira chikwama ndi kumulandirira phala, mosinthana masiku.

Chimbudzi ndi mvula
Apa ndi pomwe pakundidetsa nkhawa. Ndi chikhakha sangathe kunjuta, ndipo njira yopita kuzimbudzi za anyamata imaterera kukagwa mvula. A hedi avomera kuti azigwiritsa ntchito chimbudzi cha aphunzitsi, momwe taikamo mpando woboola pakati. Mnyamata wa msinkhu wake amachita manyazi kupempha pagulu, choncho akangokweza kope ndidziwa, azituluka osafunsidwa kanthu. Chikhakha chisanyowe. Mayi ake azichikulunga ndi pulasitiki pochoka kunyumba, ndipo amalume ake azimubweretsa ndi kudzamutenga panjinga. Mvula ikakula m'mawa akhale kunyumba, Yamikani amupititsira ntchito ya tsikulo.

Zofunika kuthamangira kuchipatala
Zala zakumwendo zikatupa, zikazizira, zikasintha mtundu kapena kuchita dzanzi, ululu ukamakulirakulira, kapena chikhakha chikasweka ngakhale kuyamba kununkha, mphunzitsi amene ali naye auze a hedi nthawi yomweyo, makolo aitanidwe, apite tsiku lomwelo. Mkati mukamayabwa asalowetsemo kamtengo kapena cholembera. Mankhwala azimwera kunyumba.

Kuunikanso
Lachisanu lililonse ndizikhala naye pansi kumva zomwe zikumuvuta. Pa 24 Febuluwale tidzakumana ndi mayi ake, atabweretsa buku lakuchipatala. Ngakhale chikhakha chitachotsedwa, mpira ndi kuthamanga adzayamba pokhapokha adokotala atalola.

Asayina: Mayi Chirwa, Mayi Banda, Madalitso Banda