Pempho loti mundiwonjezere nthawi yoperekera kalata ya apolisi

24 Malichi 2025

Kwa Mkulu Woona za Zilolezo,
Ofesi Yoona za Anthu Olowa ndi Kutuluka M'dziko

Nambala ya fayilo: PR/0417/25
Mwini fayilo: Alifeyo Kamwendo

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi kupempha kuti musunthe tsiku lomaliza loperekera kalata ya apolisi a dziko la kwathu, yotsimikiza kuti ndilibe mlandu, kuchoka pa 2 Epulo kufika pa 16 Meyi 2025. Kalata imeneyi ndi yokhayo yomwe yatsala pa pempho langa la chilolezo chokhazikika m'dziko muno, lomwe ndinapereka pa 14 Januwale chaka chino.

M'kalata yanu ya pa 3 Malichi munandiuza kuti kalata ya apolisi yomwe ndinaika m'fayilo, ya chaka cha 2021, ndi yakale, ndipo munandipatsa masiku 30 kuti ndibweretse yatsopano. Zimenezo sindikutsutsa ayi. Munthu amene akupempha kukhazikika pakati pa anthu ena ayenera kuonetsa mbiri yake monga ilili lero, ndipo ine ndikufuna kuti muione. Sindikupempha kuti mundikhululukire kalatayo. Ndikupempha nthawi yokha yoti ifike.

Nditangolandira kalata yanu, ndinapita kupolisi ya kuno pa 6 Malichi kukadinditsa zala, popeza apolisi a kwathu satulutsa kalatayi asanayerekeze zidindo za zala ndi zomwe zili m'kaundula wawo. Mawa lake ndinatumiza fomu, zidindozo, fotokope ya pasipoti ndi lisiti la ndalama kudzera pa kampani yonyamula makalata, ndipo zinalandiridwa pa 12 Malichi. Pa 20 Malichi apolisi a kwathu anandiyankha kuti zidindo za zala zitatu za kudzanja lamanja, chala chachikulu, cholozera ndi chapakati, sizikuwerengeka, choncho ndidinditsenso zala zonse pa fomu yatsopano.

Bwana, chifukwa chake ndi ntchito yanga. Monga fayilo ikuonetsera, ndine kapitawo wa amisiri omanga nyumba, ndipo ngakhale ndimayang'anira anzanga, njerwa ndi simenti sizichoka m'manja mwanga. Simenti yonyowa imadya khungu, njerwa ndi mchenga n'kumapala pamwamba, mpaka timizere ta kunsonga kwa zala timafufutika. Nditabwerera kupolisi pa 21 Malichi, wapolisi wodinda zala anandigwira dzanja, n'kuliyang'ana pawindo pomwe pali kuwala, ndipo anayesa chala chachikulu pa pepala lapadera. Panangotuluka banga lakuda losalala, lodukaduka ndi ming'alu yoyera. Anandilangiza kuti kudinda tsiku lomwelo kukanangokhala kutaya ndalama ndi nthawi, chifukwa fomuyo ikanabwezedwanso. Anati ndisiye kaye kugwira simenti, ndizidzola mafuta m'manja m'mawa ndi madzulo, khungu libwerere, ndipo anandipatsa tsiku la 31 Malichi kuti ndikadinditsenso.

Malangizowo ndikuwatsata. Abwana anga andichotsa kaye pa ntchito ya manja, panopa ndikungoyeza, kuwerenga katundu ndi kulemba za ogwira ntchito, ndipo ndikafunika kugwira kanthu ndimavala magolovesi. Timizere tija tayamba kuonekanso, makamaka pa chala chapakati.

Ndinaganizapo zokwera basi kupita ndekha kwathu, poganiza kuti mwina zingafulumire. Nditafunsa pa foni anandiuza kuti nthawi yofufuza ndi yomweyo, kaya munthu wabwera yekha kaya watumiza, ndipo zala zomwe ndikanapita nazo ndi zomwezi. Ulendowo sukanathandiza kanthu.

Tsiku la 16 Meyi sindinangolitchula. Ndikadinditsa pa 31 Malichi, fomu inyamuka pa 1 Epulo, ndipo potengera ulendo woyamba uja iyenera kufika cha pa 7 Epulo. M'yankho lawo apolisi a kwathu alemba kuti kufufuza kumatenga mpaka milungu inayi, ndipo kuwerenga kumayambiranso pa tsiku lomwe alandira zidindo zatsopano. Zimenezi zikutifikitsa pa 5 Meyi. Pakati pomwepo pali tchuthi cha Pasaka, pomwe maofesi amatseka Lachisanu ndi Lolemba. Kenako kalatayo iyende ulendo wobwera kuno, womwe ndi pafupifupi mlungu wina. Ndaonjezerapo masiku ochepa okha kuti ndisadzabwerenso kwa inu ndi pempho lachiwiri. Ikafika msanga, sindidzadikira pa 16 Meyi, ndidzaibweretsa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Kuti musangodalira mawu anga, ndaika pamodzi ndi kalatayi mafotokope a zinthu izi: kalata yanu ya pa 3 Malichi, lisiti la ndalama zomwe ndinalipira kupolisi ya kwathu, lisiti la kampani yonyamula makalata lomwe likuonetsa tsiku lotumiza ndi lolandirira, yankho la pa 20 Malichi lokana zidindo, kapepala ka wapolisi kondiitana pa 31 Malichi, ndi kalata ya abwana anga yofotokoza ntchito yomwe ndimagwira. Zenizeni zake ndili nazo, ndipo ndingabwere nazo nthawi iliyonse mukafuna kuziona.

Ngati zingathandize pa nthawi yodikirayi, ndine wokonzeka kulemba chikalata cholumbira pamaso pa loya kapena wina wovomerezeka kulumbiritsa anthu, chonena kuti sindinapezekepo wolakwa kukhoti lililonse, kuno kapena kwathu. Ndikudziwa kuti chikalata chotere sichingalowe m'malo mwa kalata ya apolisi. Chingangogwirizira fayilo kuti isaoneke ngati yasiyidwa. Kalata ya apolisi a kuno, ya mu Disembala 2024, ili kale m'fayilomo.

Chilolezo changa cha ntchito chikutha pa 31 Ogasiti 2025. Choncho ngakhale mutandipatsa nthawi yomwe ndapemphayi, ndidzakhala ndikadali m'dziko muno movomerezeka, ndipo palibe tsiku lomwe ndidzakhale wopanda chilolezo.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi mawu omwe ali kumapeto kwa kalata yanu, akuti tsikulo likadutsa fayilo ikhoza kutsekedwa. Ikatsekedwa ndiye kuti ndiyambirenso zonse: kulipiranso, kupimitsanso kuchipatala, kutenganso makalata ena omwe pofika nthawiyo adzakhala atakalamba nawonso, ndipo mwina chilolezo cha ntchito chingathe yankho lisanatuluke. Mkazi wanga ndi nzika ya dziko lino, ana athu awiri anabadwira kuno, wamkulu ali pasukulu. Banja lonseli limadya za m'manja omwewa. Sindikufuna kuti tsogolo lawo lisokonekere chifukwa cha zala zitatu zomwe zikuchira kale.

Ndikupempha kuti yankho lanu likhale lolembedwa, ndipo ngati n'kotheka lindipeze pa 2 Epulo pasanafike, kuti ndidziwe pomwe ndaima. Ngati malamulo salola kuwonjezera mpaka pa 16 Meyi, chonde mundiuze masiku omwe mungathe kundipatsa ndi china chomwe ndingachite kuti fayilo isatsekedwe. Keyala ndi nambala ya foni sizinasinthe, ndi zomwe zili pa fomu yanga, ndipo mukandiitana ku ofesi ndidzafika.

Kalatayi ndaibweretsa ndekha pamanja. Ndikupempha wolandira makalata kuti adinde chidindo cha tsiku pa fotokope yomwe nditsale nayo.

Zikomo kwambiri, Bwana, chifukwa choganizira pempho langali.

Ine wanu modzichepetsa,

Alifeyo Kamwendo