Ndikugulitsa firiji ya zitseko ziwiri, koma muwerenge za masitepe musanabwere

Firiji iyi ndinaigula yatsopano mu 2017 ndipo palibe wina amene anaigwiritsapo ntchito kupatula ife a m'nyumba muno. Ndikuigulitsa chifukwa tikusamuka pa 30 mwezi uno, ndipo kumene tikupitako malo oika firiji ndi aafupi, singalowemo. Ndi ya zitseko ziwiri, fuliza ili pamwamba. Pansi pamalowa malita 190, mu fuliza malita 50. Msinkhu wake ndi masentimita 160, m'lifupi 55, kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo 58. Imalemera makilogalamu 48. Dzina la kampani ndi nambala yake zikuoneka bwino pachithunzi chachitatu, pomwe ndajambula kapepala komata m'kati. Risiti ndili nayo, ngakhale inki yafufutika pang'ono. Kabuku kake kanasowa kalekale.

Ndiyambe ndi zolakwika kuti wina asadzanene kuti ndinamubisira. Mbali yakumanzere ili ndi chipsera chachitali ngati chala, inakhuzika ku chipupa tsiku lomwe tinkaikweza kuno. Kabokosi kapansi koikamo masamba kanang'aluka pakona ndipo ndinakamata ndi guluu, kakugwira koma musakakoke mwamphamvu. Mashelefu agalasi alipo atatu onse. Mu 2022 inayamba kuundanitsa chilichonse, ngakhale madzi akumwa a pansi, ndiye mmisiri anasintha themositati. Kukonzetsa kwake n'komweko basi. Kompuresa ndi yomwe inabwera nayo, ndipo gasi sanathiridwepo. Gasi wake ndi R600a, amene amayaka moto, choncho musamatokose ayezi ndi mpeni. Ndanena izi chifukwa si ya mtundu wosungunula yokha: pakatha miyezi iwiri kapena itatu ayezi amakhala atakundikana mu fuliza, mumaizimitsa n'kusiya chitseko chotsekula mpaka asungunuke. Ngati ntchito imeneyi imakutopetsani, firiji iyi si yanu.

Tsopano za magetsi, poti aliyense amafunsa zomwezo. Kapepala ka kampani kakuti imadya mayunitsi 274 pachaka, ndiye kuti 0.75 patsiku. Ine sindinafune kungokopera zimenezo, chifukwa amayesa ili yatsopano ndiponso m'chipinda chomwe kutentha kwake sikusintha. Ndinabwereka kamita kolumikiza pakati pa pulagi ndi soketi, n'kukasiyapo masiku 7 tikuigwiritsa ntchito monga mwa masiku onse, ana akutsekula n'kumaima pomwepo ngati akuonera kanema. Inadya mayunitsi 6.3, kutanthauza 0.9 patsiku, kapena pafupifupi 27 pamwezi. Sabata imeneyo kunali kotentha, kukhitchini masana kumafika madigiri 29. Choncho ikudya koposa zolembedwa, ndipo sindikudabwa nazo pa firiji ya zaka zimenezi. Kompuresa ikamalira kamitako kamaonetsa mawati 90 kapena kuposera pang'ono, ndipo mukawerengera mupeza kuti imalira maola ngati 10 patsiku, ena onsewo imapuma. Imafuna magetsi a mavoti 220 mpaka 240.

Amene muli ndi sola kapena inveta, musangoona 90 uja n'kusangalala. Kompuresa podzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kwa kanthawi kochepa, ndipo inveta yaing'ono imatha kuzima nthawi imeneyo. Ine ndaiyesa pa magetsi a m'nyumba okha, ndiye mufunse amene anakuikirani sola musanalipire.

Kuyesa ndinayesa motere. Ndinaika choyezera kuzizira m'kapu ya madzi pashelefu yapakati usiku wonse, nobu ili pa 3, m'mawa chinawerenga madigiri 4. Mu fuliza chinawerenga -19, pamene ofunika ndi -18. Labala wa zitseko ndinamuyesa ndi pepala: kulipanitsa pachitseko n'kulikoka. Malo onse limakana kutuluka kupatula pakona yapansi ya chitseko chachikulu, pomwe limasolola mosavuta ndithu. Pamenepo labala wayamba kutopa, ndipo ndikuganiza kuti ena mwa mayunitsi owonjezera aja akuthera pamenepo. Ndinaizulanso pa soketi maola 6 osatsekula, kuti ndione momwe ingachitire magetsi atazima. Fuliza inakwera kufika -9, pansi 9, ayezi anali asanasungunuke. Phokoso lake ndi kung'ung'udza wamba ndi kaphokoso koti tha ikamazima. Kabowo kotulutsa madzi kumbuyo ndakatsuka, sikatsekeka.

Mukabwera kudzaiona mudzaipeza ikuyaka, yozizira kale. Bwerani ndi choyezera chanu ngati muli nacho, ngakhale mmisiri wanu, sindidandaula. Chomwe sindingachite ndi kulonjeza kuti ikhala zaka zingati. Ikatuluka pakhomo pano yatuluka.

Vuto lenileni ndi kuitulutsa. Timakhala pansanjika yachitatu ndipo nyumbayi ilibe chikepe. Masitepe alipo 42, m'lifupi mwake masentimita 85, ndipo amakhota kasanu. Pokhota pachiwiri kuchokera pamwamba denga ndi lalifupi, firiji singadutse ili chilili, muyenera kuipendeketsa wina atagwira kumunsi. Ndi pamenepo pomwe inapezera chipsera chija, ndipo tsiku limenelo tinali anthu anayi. Makilogalamu 48 amamveka ochepa, koma kulemera konse kuli pansi chakumbuyo komwe kuli kompuresa, ndipo ilibe pogwira. Pakufunika anthu atatu amphamvu. Ine msana unandivuta chaka chatha, ndiye ndidzangokuuzani pokhota, kunyamula ayi. Zitseko zake zimachoka ndi sipanala ya 8 ndi sikuludiraiva, zonse ndili nazo, ndipo ndingazichotse musanafike ngati mwandiuza dzulo lake. Mashelefu ndidzawakulunga padera.

Galimoto sifika pakhomo. Imaima pageti, mamita ngati 40 kuchokera pamasitepe, ndipo njirayo ndi ya miyala, ngolo ya matayala ang'onoang'ono siyenda. Ine galimoto ndilibe, sindingakuperekereni. Bwerani ndi yapoyera kumbuyo, zingwe ziwiri ndi bulangete lakale, kuti iyende itaima. Chonde musabwere ndi galimoto yaing'ono n'kumati tiigoneka pampando. Ikagona, mafuta a mu kompuresa amalowa m'mapaipi a gasi, ndipo mukaiyatsa msanga ikhoza kuwonongeka. Ikayenda itaima, muisiye maola 4 musanaiyatse. Ngati mwakakamizika kuigoneka, igone chammbali, osati chagada pa mapaipi akumbuyo, ndipo mukafika ikhale chiimire tsiku lathunthu. Kwanuko muyezeretu chitseko ndi malo oiikapo, ndipo musiye mpata wa masentimita 5 kapena kuposa kumbuyo kuti mpweya uziyenda.

Mtengo tikambirana mukaiona, ndipo ndikudziwa kuti mudzalipira onyamula, ndiye ndaganizira zimenezo kale. Malipiro ndi a tsiku lotenga, onse pamodzi. Sindisunga popanda tsiku lenileni, chifukwa anthu awiri ananena kuti akubwera Loweruka lapitali ndipo mpaka pano sindinawaone. Kateteza magetsi komwe kamachedwetsa kuyaka mphindi zochepa magetsi akabwerera ndikupatsani limodzi, sindikufuna ndalama ina. Kuka yomwe ikuoneka pambali pachithunzi choyamba siyogulitsa, ndi ya eni nyumba.

Ndimapezeka madzulo kuyambira 5 koloko, ndipo Loweruka tsiku lonse. Kutsitsa kukhale masana, babu la pamasitepe apakati linapsa. Ndilembereni uthenga pomwe pano, munene tsiku, galimoto yomwe mubwere nayo ndi anthu angati. Tsiku lotenga likadziwika, ndidzaizimitsa usiku wa dzulo lake kuti ayezi asungunuke, isamadonthe madzi potsika.