Umboni wa Wapampando pa Maminitsi a Msonkhano Waukulu wa pa 14 Juni 2025

Ine, wapampando wa msonkhano waukulu wa bungwe lathu la alimi a mbatata ya kachewere kuno kwa Domue, m'boma la Angonia, chigawo cha Tete, ndikuchitira umboni kuti maminitsi amene ali pa masamba 1 mpaka 6 ndi oona. Zimene zalembedwamo ndi zomwe zinakambidwa ndi kugwirizanidwa Loweruka pa 14 Juni 2025, mamembala 43 mwa 58 alipo.

Mlembi wawawerenga mokweza lero, Loweruka pa 12 Julaye 2025, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, ndipo msonkhano wawavomereza pokweza manja: 39 avomera, awiri sanakweze, wokana palibe.

Takonzamo malo amodzi okha. Pa tsamba 4, ndalama yolipira galimoto imene inanyamula feteleza kuchokera ku Ulongwe inalembedwa kuti 15,800 metikali, pamene lisiti ya msungichuma ikuonetsa 18,500. Nambala yolakwikayo taidula ndi mzere umodzi kuti izionekabe, yoona tailemba pamwamba pake, ndipo ine ndi mlembi tasaina m'mbali. Sitinafufute kapena kupaka choyera. Wina akadzapeza chofufutidwa m'masamba awa, adziwe kuti sichinadzere m'manja mwathu.

Abambo ndi amayi, kusaina kwangaku sikutanthauza kuti ndinakondwera ndi mfundo iliyonse. Nkhani yokweza chopereka cha pachaka ine ndinaikana, ndipo kukanako kwalembedwa pa tsamba 5. Koma ambiri anafuna choncho, ndipo mlembi walemba monga zinayendera.

Kasainidwe kali motere. Woyamba ndine, kenaka wachiwiri wanga, pomaliza mlembi, tonse ndi cholembera cha buluu, lero lomwe, anthu asanabalalike. Aliyense alemba nambala ya BI yake, chiphaso cha unzika, pafupi ndi dzina lake. Pa ngodya ya m'munsi ya tsamba lililonse taikaponso siginecha yaifupi kuti lina lisadzasinthidwe mwakabisira. Amayi amene akuimira komiti yoona za chuma, monga mboni, adinda chala chachikulu cha kumanja pamaso pa anthu onse, atamva kuwerengedwa kwa tsamba lino. Chidindo cha bungwe chikhudze siginecha yanga, osati kukhala pachokha.

Maminitsi enieni akhala m'buku lomwe amasunga mlembi. Kope la Chipwitikizi, popeza ndicho chiyankhulo cha boma, lipita ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ntchito zachuma ku Ulongwe, ndipo lisainidwa ndi anthu omwewa tsiku lomweli. Membala aliyense ali ndi ufulu wowerenga bukuli mlembi ali pomwepo, koma lisachoke pa ofesi.

Zasainidwa kwa Domue, pa 12 Julaye 2025, nthawi ya 15:30.

Wapampando wa Msonkhano Waukulu
Wachiwiri kwa Wapampando
Mlembi
Mboni ya komiti yoona za chuma