Kalata yokana ndalama ya pa invoisi 2417

Msika wa Chitakale
Mulanje
14 Novembala 2024

A Manijala
Ofesi Yonyamula Katundu Wochokera Kunja
Limbe

Bwana,

KUKANA NDALAMA YA PA INVOISI 2417: MAKATONI 24 A CHIZINDIKIRO MJ/CTK

Ndikukana kulipira ndalama yomwe yalembedwa pa invoisi 2417 ya pa 5 Novembala 2024, chifukwa muyeso wa makatoni womwe mwawerengera ndalamayo ndi wolakwika. Katunduyu ndi majombo ndi majekete a mvula amene ndidagula ku Guangzhou. Adabwera m'kontena yophatikizana ndi amalonda ena kudzera pa doko la Beira ndi chipata cha Mwanza, ndipo adafika kunyumba yanu yosungiramo katundu ku Limbe Lolemba pa 4 Novembala.

Tidagwirizana madola 380 pa CBM iliyonse, kutanthauza kiyubiki mita imodzi ya malo m'kontena, ndipo mtengowo sindikuutsutsa. Madola 25 a mapepala nawonso ndikuwavomera. Pamene tasiyana ndi pa nambala imodzi yokha.

Katoni iliyonse ndi masentimita 60 mulitali, 40 mulifupi ndi 35 msinkhu. Ndi zimene zidadindidwa pambali pa katoni iliyonse, ndi zimene zili pa ndandanda wa katundu wochokera kwa amene adandigulitsa, komanso ndi zimene zili pa lisiti lomwe anthu anu a ku Guangzhou adanditumizira pa WhatsApp tsiku lomwe adalandira katunduyu. Pa lisitilo adalemba okha kuti makatoni 24, CBM 2.02. Koma pa invoisi msinkhu walembedwa 53. Zikuoneka kuti wina potayipa adasinthanitsa 3 ndi 5, ndipo kompyuta idangowerengera zomwe idapatsidwa:

60 x 40 x 35 = 0.084 CBM pa katoni, makatoni 24 = 2.02 CBM = madola 767.60
60 x 40 x 53 = 0.1272 CBM pa katoni, makatoni 24 = 3.05 CBM = madola 1,159.00

Kusiyana kwake ndi madola 391.40. Ndidapereka kale ndalama yofanana ndi madola 400 katundu asananyamuke. Mukaphatikiza za mapepala n'kuchotsa zomwe ndidaperekazo, ngongole yanga yeniyeni ndi madola 392.60. Invoisi ikuti 784.00, pafupifupi kawiri.

Lachinayi pa 7 Novembala ndidabwera ku Limbe ndi tepi yanga yoyezera. Mnyamata wa m'nyumba yosungiramo katundu adandilola kulowa, tidatsitsa makatoni asanu kuchokera m'malo osiyanasiyana a mulu, ndipo tepi adagwira ndi iye mwini. Anayi adakwana 35 ndendende, imodzi 36. Ngakhale popanda tepi nkhaniyi imaoneka ndi maso. Makatoniwo adasanjidwa atatuatatu, ndipo mulu umandifika m'chiuno, masentimita 105. Akadakhala a 53, atatu akadakwana masentimita 159, kundifika kumaso. Zithunzi ndidajambula, tepi ikuoneka bwinobwino pamodzi ndi chizindikiro cha katundu wanga.

Nditapita nazo ku kauntala, mayi amene ndidawapeza adandiyankha ziwiri. Choyamba adati makatoni amafufuma pa ulendo, ndiye kampani imayeza pamalo pomwe patukuka kwambiri. Zimenezo ndikuzidziwa, si koyamba kuitanitsa katundu. Makatoni awiri a majekete adatukukadi pang'ono pamwamba. Koma katoni imafufuma masentimita awiri kapena atatu. Kuti ifufume 18, makatoni onse 24 mofanana, popanda ndi imodzi yomwe kung'ambika kapena kudula lamba, n'zosatheka. Ngakhale titati onse tiwapatse 38 mwaulere, tipeza CBM 2.19 basi.

Chachiwiri adati zomwe zalowa m'kompyuta sizisinthika, ndilipire kaye zonse, kenako ndidzalembe kalata yopempha kubwezeredwa. Apa ndiye ndakana. Ine geni yanga ndi ya shopu imodzi ndi benchi ya ku Limbuli, mpamba wake ndi wa ngongole ya banki m'khonde yomwe ndimabweza mwezi ndi mwezi. Madola 391.40 mukawasintha m'makwacha pa mtengo womwe ofesi yanu imagwiritsa ntchito, ndi phindu la katundu yenseyu ndi kupitirira. Sindingakakongolenso kwina kuti ndilipirire malo omwe katundu wanga sadakhalemo m'kontena, kenako n'kumayenda Mulanje ndi Limbe kulondola ndalama yanga yomwe. Ndipo tinene zoona, m'kontena yophatikizana malo amagawidwa kwa eni katundu onse. CBM imodzi yoonjezerayo, ngati inalipo, munali katundu wa munthu wina amene walipira kale.

Pali zinanso ziwiri zomwe zabadwa m'cholakwika chomwechi. Dzulo ndalandira uthenga woti masiku asanu ndi awiri aulere adatha pa 10 Novembala, ndipo kuyambira pa 11 mukuwerengera K15,000 patsiku yosungira katundu. Pa 7 Novembala, masiku aulere asadathe, ndidabwera ndi ndalama yokwanira madola 392.60 komanso nditapangana kale ndi mwini lole woti anyamule katundu. Kauntala idakana kulandira, lole idabwerera yopanda kanthu. Katundu akugona kwanu chifukwa cha invoisi yanu, choncho ndalama yosungirayo sindilipira.

China ndi msonkho. A MRA powerengera msonkho wa katundu wolowa m'dziko amaphatikiza mtengo wogulira, inshuwalansi ndi ndalama yonyamulira. Ngati pa mapepala a kasitomu mudalembapo ndalama yonyamulira yochokera pa CBM 3.05, ndiye kuti gawo langa la msonkho lomwe ndidakutumizirani katundu ali pa Mwanza lidakwera mosayenera. Ndikupempha kope la mapepalawo ndi mawerengedwe a gawo langa kuti ndione ndekha.

Pempho langa ndi ili. Tumani munthu waudindo ayezenso makatoni onse 24 ine ndilipo, ndi tepi yanu ngati yanga simukuikhulupirira, ndipo tonse tisaine pa zomwe tapeza. Mufafanize invoisi 2417, mutulutse ina ya CBM 2.02, muchotsenso ndalama yosungira katundu. Tsiku lomwelo ndilipira madola 392.60 n'kunyamula katundu wanga. Ngati mukufuna kufunsa kaye ku Guangzhou, funsani, koma mulandire ndalama yomwe sitikutsutsanayi ndi kunditulutsira katundu, zotsalazo tizikambirana majombo ali pa shopu.

Changu chomwe ndikupemphachi chili ndi chifukwa. Kuno mvula yayandikira, ndipo tiyi akayamba kuphuka kwambiri mu Disembala maesiteti amalemba anthu ambiri othyola. Jombo ndi jekete la mvula amagula pamenepo, akangolandira malipiro oyamba. Wogula jombo amagula kamodzi pachaka, ndipo akapanda kulipeza kwa ine alipeza kwa mnzanga wa shopu yoyandikana nayo. Katunduyu akafika mu Januwale ndidzamugulitsa motsitsa mtengo.

Ndikuyembekezera yankho lolembedwa pofika Lachitatu pa 20 Novembala 2024. Likapanda kubwera, ndikatula dandaulo langa ku bungwe la CFTC lomwe limaona madandaulo a ogula, pamodzi ndi mapepala onsewa. Sikufuna kwanga kufika kumeneko. Katundu wanga wam'mbuyomu mudanyamula bwino, ndipo ndili ndi oda ina ya nsapato za ana asukulu yomwe ndimafuna idzere kwa inu nomwe.

Ndaphatikiza makope a invoisi 2417, lisiti la ku Guangzhou, ndandanda wa katundu, lisiti la madola 400 ndi zithunzi zisanu za makatoni omwe tidayeza. Chonde dindani kope lachiwiri la kalatayi ndi kumupatsa amene wabweretsa.

Ndine kasitomala wanu,

Mwini katundu wa chizindikiro MJ/CTK
Chitakale, Mulanje